Agogo akukwera sitima okha koyamba ku UK: mmene mungawakonzekeretsere

Funso ili landipeza ku tchalitchi, pa foni, ngakhale pa maliro. Mayi abwera kuchokera kumudzi kudzaona ana, akhala milungu ingapo m'nyumba, ndiye ayamba kufunsa za mdzukulu wawo amene ali mumzinda wina. Inu muli ndi mashifiti, mdzukuluyo ali pa sukulu kapena pa ntchito, palibe woti awaperekeze. Kodi angakwere sitima okha? Angathe, ngakhale Chingerezi chawo chitakhala cha moni basi. Koma ulendowo umakonzedwa ndi inu, ndipo malo amene umasokonekera ndi amodzi: posintha sitima.

Ndifotokoza potsata ulendo wa agogo ena a mumpingo mwathu, a zaka za m'ma 70, amene anachoka ku Leicester kukaona mdzukulu wawo ku Manchester. Chichewa amawerenga bwino akavala magalasi, Chingerezi amangotolako mawu apa ndi apo, ndipo bondo lakumanzere limawavuta pa masitepe. Sitima anali asanakwerepo, ngakhale ya ku Limbe ija.

1. Yambani ndi agogowo, tikiti ibwere pambuyo

Afunseni ngati akufunadi kupita okha, ndipo muwafunse muli awiri, mdzukulu asali pa foni. Makolo athu savomera msanga kuti akuopa. Kenako yesani zinthu zitatu. Lembani dzina la siteshoni pa pepala m'zilembo zikuluzikulu, muone ngati angalipeze pa sikirini ya foni yanu pakati pa mayina ena. Onani ngati angayankhe foni ndi kuimba okha. Onaninso ngati angakoke chikwama chawo mtunda wa mphindi zisanu osapumira. Ngati ayamba kuiwalaiwala, moti amasokonezeka ngakhale m'dera limene azolowera, malangizo awa si awo; pezani wowaperekeza.

2. Sankhani njira imene sitima zake zimathera pomwe agogo akutsikira

Mukalemba Leicester ndi Manchester pa foni, mupatsidwa njira zingapo, ndipo makinawo amaika patsogolo yachangu. Inu musafune yachangu. Funani imene agogo sangapitirire.

Njira ina imadzera ku Sheffield. Vuto lake ndi loti sitima zambiri zochoka ku Sheffield zimangoima pang'ono pa Manchester Piccadilly n'kupitirira ku Liverpool. Agogo akangosinza, kapena akachedwa kutsitsa chikwama, adzidzimukira kwina. Ife tinasankha yodzera ku Birmingham. Sitima yochoka ku Leicester imathera pa Birmingham New Street, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Yochoka ku Birmingham imathera pa Manchester Piccadilly, ulendo wa ola ndi theka. Malangizo a agogo anafupika kukhala akuti, "Musatsike mpaka anthu onse atatsika." Pogula tikiti nenani kuti mukufuna kudzera ku Birmingham New Street, chifukwa matikiti ena amaloleza njira imodzi yokha.

Dzina la siteshoni lizitchulidwa lonse. Ku Birmingham kuli New Street, Moor Street, Snow Hill ndi Birmingham International ya ku bwalo la ndege. Ku Manchester kuli Piccadilly, Victoria, Oxford Road ndi ya ku bwalo la ndege. Mawu akuti "mukatsike ku Manchester" asokeretsa anthu ambiri.

Tsiku labwino ndi Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi, kunyamuka cha m'ma 10 koloko m'mawa, anthu a kuntchito atapita kale. Lamlungu lipeweni: ndi tsiku limene amakonda kukonza njanji, ndipo pena amatsitsa anthu n'kuwakweza basi chigawo china cha ulendo. M'nyengo yozizira kumbukirani kuti mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho afike kukadali kowala.

3. Gulani tikiti yolola kuchedwa

Mayina atatu amene muwaone pogula ndi awa. Advance ndi yotchipa, koma imagwira pa sitima yokhayo imene yalembedwa pa tikitiyo. Agogo akakwera ina, akhoza kuuzidwa kuti agule tikiti yatsopano. Off-Peak imagwira pa sitima iliyonse ya njirayo kunja kwa nthawi ya piringupiringu. Anytime imagwira nthawi iliyonse, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Pa ulendo woyamba ine ndimati gulani Off-Peak. Ndalama yowonjezerayo mukugula nayo ufulu woti agogo aphonye sitima popanda mlandu.

Tikitiyo ikhale imodzi ya ulendo wonse, kuchokera ku Leicester mpaka ku Manchester. Ena amagula zidutswa ziwiri kuti atchipitse, koma zimangochulukitsa mapepala m'manja mwa munthu wamantha kale. Dziwaninso kuti sitima yoyamba ikachedwa n'kuchititsa agogo kuphonya yachiwiri, amaloledwa kukwera yotsatira popanda kulipiranso, ngakhale tikiti yawo ili ya Advance.

Aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo atha kugula Senior Railcard, ngakhale ali mlendo. Mukapita ndi pasipoti yawo ku ofesi ya matikiti pa siteshoni amakupatsani pomwepo. Mu 2025 inali mapaundi 35 pa chaka, ndipo imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Tiyerekeze tikiti ndi mapaundi 45: mulipira 30. Ngati agogo ayenda ulendo umodzi wokha simupindula, koma akayenda katatu khadiyo yadzilipira. Ayenera kuyenda nayo, chifukwa woona matikiti amaifunsa.

Tengani tikiti ya pepala, ya mtundu wa lalanje ija, osati ya pa foni. Foni imatha batire, imadzitseka, ndipo agogo akaigwira molakwika tikiti imasowa pa sikirini. Pemphaninso mpando wosungitsa, wa pafupi ndi khomo ngati ulipo. Pa pepalalo padzalembedwa chilembo cha bogi ndi nambala ya mpando, mwachitsanzo Coach C Seat 24.

4. Sungitsani wowathandiza

Ambiri mwa ife sitidziwa kuti makampani onse a sitima kuno ali ndi thandizo laulere lotchedwa Passenger Assist. Timaganiza kuti ndi la anthu a pa njinga za olumala okha. Ayi, okalamba nawonso ndi lawo, ndipo safunsa kalata ya dokotala. Mumaimba pa 0800 022 3720, kapena kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya Passenger Assistance, pasanatsale maola awiri kuti ulendo uyambe. Ine ndimati imbani kukadali masiku awiri kapena atatu.

Auzeni zonse mosabisa: kuti ndi mayi wachikulire, samva bwino Chingerezi, masitepe amawavuta, ali ndi chikwama chimodzi, ndipo akufuna thandizo pokwera ku Leicester, posintha ku Birmingham New Street ndi potsika ku Manchester Piccadilly. Wantchito wa pa siteshoni yoyamba amawakweza n'kudziwitsa anzake a kutsogolo bogi imene alimo. N'chifukwa chake agogo asasinthe mpando, ngakhale ataona wina wabwino pa windo m'bogi ina. Wodzawalandira adzaima pa khomo la bogi yolembedwayo.

Komabe musatsamire pa thandizoli lokha. Siteshoni ikadzaza wantchito atha kuchedwa kufika, kapena sitima ikasintha uthenga utha kusemphana. Agogo akhale ndi njira yawoyawo, ndipo njirayo ndi pepala.

5. Lembani mapepala awiri

Loyamba ndi la agogo, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse chinthu chimodzi: nthawi, dzina la komwe sitima ikuthera, bogi, mpando. Nthawi muilembe monga imaonekera pa sikirini, 12:57 kapena 13:30, osati "hafu pasiti wani", kuti azingofananiza manambala. Pansi pake ndandalikani masiteshoni a panjira. Sitima ya ku Manchester imakonda kuima pa Wolverhampton, Stafford, Stoke-on-Trent, Macclesfield ndi Stockport. Onani ndandanda ya sitima yawoyo, chifukwa si zonse zimaima paliponse. Agogo athu ankachonga dzina lililonse ndi bolopeni, ndipo akuti n'zimene zinawakhazika mtima pansi.

Lachiwiri ndi la Chingerezi, loti azionetsa wantchito. Linene kuti mayiwa samva bwino Chingerezi, akupita ku Manchester Piccadilly kudzera ku Birmingham New Street, chonde aperekezeni pa sitima yake, ndipo pakavuta imbani manambala awa. Ikanipo nambala yanu ndi ya mdzukulu.

Za foni, samalani ndi ichi: agogo ambiri amabwera ndi foni ya layini ya kumudzi, imene imagwira WhatsApp pa intaneti ya m'nyumba mwanu basi. Akangotuluka pakhomo foniyo ndi chidole. Aguliireni layini ya kuno, muitchaje, mukweze kulira kwake mpaka pamapeto.

6. Kayeserereni

Kusanafike tsikulo, pitani nawo ku siteshoni, mukwere limodzi kasiteshoni kamodzi n'kubwerera. Chilichonse achite okha, inu manja kumbuyo. Alowetse tikiti pa geti n'kuitenganso ikatulukira pamwamba, kapena adzere pa geti lalikulu la m'mbali pomwe pamaima wantchito. Akwere chikepe. Adine batani la chitseko, chifukwa zitseko za sitima zambiri kuno sizitseguka zokha: batani limayaka sitima ikaima, ndipo ukapanda kulidina umangoima mpaka sitima kunyamukanso. Aonetseninso mpata umene umakhala pakati pa sitima ndi pulatifomu, kuti azitsika atagwira chitsulo, chikwama pambuyo.

Musachite manyazi kuwaonetsa chimbudzi cha m'sitima. M'zimbudzi zazikulu zija, batani lotsekera chitseko ndi lina, lokhomera ndi linanso. Amene sadziwa amangotseka, wina n'kudzatsegula ali mkati. Mayi wachikulire akamva mbiri yotere amasankha kusamwa madzi tsiku lonse, zimene sizabwino kwa munthu wa shuga kapena wa BP.

7. Katundu

Chikwama chimodzi cha matayala ndi kachikwama ka pakhosi, basi. Pano mudzakangana, chifukwa agogo sapita kwa mdzukulu chimanjamanja: pali ufa, usipa, mtedza, mwina ndi nsalu. Zolemera zitumizeni padera kapena zidikire wa galimoto. Dzanja limodzi likhale lopanda kanthu. Mankhwala, magalasi, matikiti, mapepala awiri aja, madzi ndi kachakudya zikhale m'kachikwama ka pakhosi, osati m'chikwama chachikulu chimene chikakhale pa shelefu kumapeto kwa bogi.

8. Ku Leicester

Fikani kukadali mphindi 30. Kadziwitseni antchito kuti amene anasungitsa thandizo afika. Pemphani kuti mulowe nawo mpaka pa pulatifomu. Kawirikawiri amalola ukafotokoza. Mukawakhazika pa mpando tulukani msanga, chifukwa zitseko zimatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane. Kenako tumizirani mdzukulu chithunzi cha tikiti ndi cha zimene agogo avala.

9. Kusintha sitima pa Birmingham New Street

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "sinthani ku Birmingham" n'kupitirira, ngati kuti ndi kuwoloka msewu.

New Street ili ndi mapulatifomu 12, onse pansi pa nyumba yaikulu ya masitolo. Kumeneko ndi kwa mdima, kwa phokoso, ndipo foni imavuta kugwira. Kuchoka pa pulatifomu ina kupita pa ina umayenera kukwera pamwamba n'kutsikanso. Pulatifomu iliyonse ili ndi mbali ziwiri, a ndi b, moti sitima ziwiri zopita kosiyana zitha kuima pa pulatifomu imodzi, ina pa 7a ina pa 7b. Wosintha sitima akwere chikepe cha mbali ya b, chifukwa pamwamba pake pamalumikiza mapulatifomu onse osadutsa pa geti la matikiti. Akakwerera mbali ya a atha kupezeka atuluka pa geti, ali pakati pa masitolo ndi khamu la anthu, osadziwa polowera.

Makina ogulitsa matikiti amawerengera kuti mphindi 12 zikwana kusintha sitima pa siteshoniyi. Zimakwana kwa mnyamata wodziwa njira. Kwa agogo siyani mphindi 35 kapena 40. Sitima za ku Manchester zimabwera pafupipafupi masana, choncho kulola imodzi ipite si tsoka.

Tsopano chimene muyenera kuwaphunzitsa mobwerezabwereza. Kwathu pa depoti kondakitala amakuitana, amakulanda chikwama, amakufunsa kotsikira. Kuno palibe amene adzawaitane, sitima imangofika n'kunyamuka. Ndiye lamulo likhale ili: sitima ndi yawo pokhapokha zinthu ziwiri zikafanana ndi za pa pepala, nthawi ndi dzina, pa sikirini yolendewera pa pulatifomupo. Nambala ya pulatifomu payokha si umboni. Pa mphindi 40 zodikirazo, pa pulatifomu yomweyo patha kuima sitima zina ziwiri kapena zitatu. Komanso pulatifomu imatha kusinthidwa mwadzidzidzi, n'kulengezedwa pa zokuzira mawu m'Chingerezi chothamanga chimene ngakhale ife timachiphonya. N'chifukwa chake pa pepala la agogo musalembepo nambala ya pulatifomu ya ku Birmingham. Akaiona yolembedwa ndi dzanja lanu adzaikhulupirira kuposa sikirini.

Mawu a pa sikirini oti awadziwe ndi ochepa. On time ndiye kuti ili pa nthawi yake. Delayed yachedwa, adikire. Cancelled yalephereka, apite kwa wantchito ndi pepala lachiwiri lija. Calling at ndi mndandanda wa masiteshoni amene iimepo.

Agogo athu anatsitsidwa bwino ndi wantchito, amene anawaperekeza pa chikepe n'kuwakhazika pa benchi ya pulatifomu yawo, nalozera pa wotchi kuti abweranso. Patapita kanthawi sitima inafika, ya mtundu womwewo wa imene ankaidikira, anthu onse n'kunyamuka. Iwonso ananyamuka, mtima uli phaphapha, poganiza kuti wantchito uja wawaiwala. Atafika pa khomo anatulutsa pepala, n'kuyang'ana sikirini. Dzina loyamba ndi M panalibe, manambala a nthawi anali ena. Anabwerera pa benchi. Sitima imeneyo inkapita kumpoto chakum'mawa, kutali ndi Manchester. Yawo inabwera pambuyo pake, wantchito uja ali nawo limodzi.

Pali chizolowezi china chofunika kuchigwetsa kunyumba. Makolo athu akalankhulidwa ndi munthu wa yunifolomu amavomera mwaulemu, "yes, yes", ngakhale sanamve kanthu. Wantchito akafunsa ngati akudziwa kopita, iwo n'kugwedeza mutu, amawasiya poganiza kuti zili bwino. Auzeni kuti pa siteshoni ulemu ndi kutulutsa pepala. Asafunsenso apaulendo anzawo ngati sitima ikupita ku Manchester. Munthu wothamanga amangoti eya kuti adutse. Afunse wa yunifolomu kapena wovala chijekete chowala.

Nanga akatsika ku Birmingham osapeza wowalandira? Asachoke pa pulatifomupo. Aime pambali, khamu lidutse, aonetse pepala kwa wantchito woyamba amene amuone. Pa New Street pamakhala antchito onyamutsa sitima. Pamakhalanso bokosi lolembedwa Help Point, lokhala ndi batani lolankhulira ndi antchito. Akakwera sitima yolakwika, asatsike pa kasiteshoni kakang'ono kopanda anthu. Akhale pansi, adikire woona matikiti, amupatse pepala. Iye ndi amene angawatsitse pa siteshoni yoyenera n'kuwalembera zoti abwerere.

Inunso muli ndi mbali yanu: musawaimbire pa nthawi yosinthayi. Foni ikalira agogo amaima pakati pa njira, kusiya chikwama, kufufuza m'kachikwama, ndipo wantchito akudikira. Gwirizanani kuti adzaimba okha akakhala pa mpando m'sitima yachiwiri. Pakadali pano tsatirani sitima zonse ziwiri pa pulogalamu ya National Rail, imene imaonetsa pomwe sitima yafika ndi mphindi zimene yachedwa. Zikafika poti agogo sakupezeka ndipo foni sikugwira, apolisi a za sitima amalandira uthenga wa pa foni pa 61016.

10. Ku Manchester Piccadilly

Akaona Stockport, kwatsala mphindi khumi. Avale jekete, aike mapepala m'kachikwama, koma asanyamuke mpaka sitima itaima. Mdzukulu afike msanga, aone pa sikirini ya Arrivals pulatifomu imene sitimayo ifikire, akaime kumapeto kwake kumene anthu onse amatulukira. Asapangane zokumana "panja" kapena "pa khomo", chifukwa siteshoniyi ili ndi makomo angapo, ena pansi ena pamwamba. Mdzukulu wa agogo athu anawaona akubwera pambuyo pa anthu onse, pepala lochongachonga lili m'manja. Mawu awo oyamba anali akuti, "Iwe, bwanji sunandiuze kuti muli tebulo? Ndikanabwera ndi zoluka zanga."

11. Ulendo wobwerera ndi wina, ukonzedwe pawokha

Apa ndi pamene mabanja amagwa, chifukwa ulendo woyamba wayenda bwino ndipo aliyense wamasuka. Lamulo lija loti "musatsike mpaka onse atatsika" pobwerera siligwira, ndipo likhoza kuwapititsa kutali. Sitima zambiri zochoka ku Manchester sizithera ku Birmingham: zimapitirira ku Bristol kapena ku Bournemouth, kumwera kwenikweni. Pa sikirini ya ku Piccadilly dzina lalikulu lidzakhala limenelo, Birmingham New Street idzangooneka pansi pa Calling at. Lembani pepala latsopano, ndipo mzere wake waukulu ukhale wakuti akadutsa Wolverhampton akonzeke, atsike pa Birmingham New Street ngakhale anthu ambiri atatsala m'sitima.

Chimodzimodzi sitima yachiwiri. Zina zochoka ku Birmingham zimathera pa Leicester, koma zina zimangoimapo n'kupitirira ku Peterborough, Cambridge mpaka ku bwalo la ndege la Stansted. Pemphani ya kuthera pa Leicester, ngakhale imaima m'masiteshoni ambiri. Passenger Assist isungitsidwenso padera pa tsiku lobwererali, ndipo mdzukulu ndi amene awakweze, atayeza yekha kulemera kwa chikwama, chifukwa pobwerera chimakhala chitadzazanso.